Mng'alu wa pakhoma: ndi liti pamene uli woopsa?

Mumzinda wa Mexico muli chinyumba cha zisudzo ndi zoimbaimba chotchedwa Palacio de Bellas Artes. Anayamba kuchimanga mu 1904 n'kuchitsiriza mu 1934, pamalo pomwe kale panali nyanja, pa dothi lofewa lodzaza madzi. Kuyambira nthawi imeneyo chinyumbachi chatitimira mamita angapo, komabe mpaka lero anthu akulowamo kukaonera magule. Pomwe kwathu kuno, nyumba ya zipinda zitatu ikhoza kung'ambika kuchoka pazenera mpaka kudenga chifukwa choti ngodya imodzi yokha yatsika ndi mamilimita 20, osakwana n'komwe zala ziwiri mukazigundanitsa. Zikutheka bwanji kuti mamita asagwetse chinyumba chija, koma mamilimita n'kuwononga nyumba yaing'ono?

Choyamba tigwirizane kuti palibe nyumba yosatitimira. Mukaunjika njerwa, simenti ndi denga pamwamba pa nthaka, nthakayo imapanikizika ndipo imatsika. Pamchenga zimachitika mwachangu, moti mbali yaikulu ya kutsikako imatha amisiri asanachoke pamalopo. Pa dothi la dongo zimatenga zaka, chifukwa madzi a m'dothimo amafinyika pang'onopang'ono kwambiri. Kutsika pakokha si mlandu. Nyumba ikatsika yonse mofanana, makoma sadziwa n'komwe kuti china chake chachitika. Zovutika zimakhala mapaipi a madzi ndi a zonyansa omwe amalumikiza nyumbayo ndi kunja, ndiponso masitepe apakhomo.

Nyumba ikhozanso kupendekeka yonse pamodzi osapindika. Nsanja ya ku Pisa, ku Italy, yomwe anayamba kumanga mu 1173, inali itapendekeka pafupifupi mita imodzi pa mamita 10 alionse okwera m'mwamba pamene boma linkaitsekera alendo mu 1990. Mantha aakulu anali oti igwa, koma siinapindike, chifukwa inakhala pa maziko amodzi olimba omwe anapendekeka nayo limodzi.

Chomwe chimang'amba makoma ndi mtundu wachitatu wa kutitimira: mbali ina ya nyumba ikatsika kuposa inzake yoyandikana nayo, khoma n'kukakamizidwa kupotoka. Njerwa zimapirira kwambiri kupsinjidwa, n'chifukwa chake timazisanjikiza, koma kukokedwa siziyanjana nako. Khoma lotalika mita imodzi likakokedwa, limayamba kuonetsa mng'alu lisanatambasuke ndi milimita imodzi yomwe. Ndiye funso lofunika kwa mwini nyumba si lakuti nyumba yatsika kwambiri bwanji, koma lakuti malo awiri asiyana kutsika ndi mamilimita angati, nanga malowo atalikirana bwanji.

Samu yake njophweka

Mainjiniya amayeza kupotoka kumeneku pogawa kusiyana kwa kutsika ndi mtunda wa pakati pa malo awiriwo. M'mabuku awo amalemba chonchi:

```
β = δ / L
```

Apa δ ndiye kusiyana kwa kutsika, ndipo L ndiye mtunda, zonse m'mamilimita. Ngati ngodya imodzi ya chipinda chotalika mamita 3 yatsika ndi mamilimita 10 kuposa inzake, tigawa 10 ndi 3,000 n'kupeza 1/300. Mamilimita 10 omwewo atakhala kuti agawanika bwinobwino pa khoma la mamita 12, tikanapeza 1/1,200, ndipo khomalo likanakhala lili bwino. Nambala ya m'munsiyo ikamachepa, ndiye kuti zinthu zikuipiraipira.

Malire ake sanawapeze pongowerengera pa pepala. Mu 1956 akatswiri awiri, Skempton ndi MacDonald, anasonkhanitsa mbiri ya nyumba 98 zomwe kutitimira kwake kunayezedwa, zina zong'ambika, zina zosang'ambika. Atazifola anaona kuti makoma ndi pulasitala zimayamba kung'ambika kupotoka kukafika cha pa 1/300, ndipo mabimu ndi zipilala zonyamula nyumba zimayamba kuwonongeka cha pa 1/150. Iwo analangiza kuti pokonza mapulani munthu aziima pa 1/500 kuti asiye mpata. Mu 1963 katswiri wa ku Norway, Bjerrum, anawonjezera malire ena, monga 1/750 pa nyumba zokhala ndi makina osafuna kupendekeka ngakhale pang'ono. Malamulo a zomangamanga a ku Ulaya otchedwa Eurocode 7 akugwiritsabe ntchito 1/500 ndi 1/150 mpaka pano.

Kuti manambalawa asakhale a m'buku chabe, tiwaike pa chipinda chija cha mamita 3. Malire a 1/500 ndiwo kusiyana kwa mamilimita 6. Malire a 1/300 ndiwo mamilimita 10. Malire a 1/150 ndiwo mamilimita 20. Ine ndimaona kuti mmisiri aliyense womanga nyumba za anthu ayenera kusunga pamtima manambala atatuwa, 6, 10 ndi 20, chifukwa amaonetsa kuchepa kwa mpata womwe tili nawo. Pakati pa khoma losalala ndi khoma lofunika injiniya pali mamilimita 14 okha.

Palinso lamulo lakale lochokera kwa Terzaghi ndi Peck, loti maziko a pamchenga asatsike kupitirira mamilimita 25. Sikuti mamilimita 25 ndi oopsa mwa iwo okha ayi. Iwo anaona kuti pamchenga kusiyana kwa kutsika sikumakonda kupitirira magawo atatu mwa anayi a kutsika konse, ndiye mukachepetsa kutsika konse mwachepetsanso kusiyanako. Pa dongo amalola kutsika kokulirapo, chifukwa kumachitika pang'onopang'ono ndipo khoma limapeza nthawi yozolowera.

Komwe khoma lapindikira n'kofunika

Manambala ajawa ali ndi malire ake. Anachokera makamaka ku nyumba zikuluzikulu za mabimu ndi zipilala, pomwe nyumba zambiri zomwe timagonamo zimanyamulidwa ndi makoma a njerwa okhaokha, opanda chitsulo. Mu 1974 Burland ndi Wroth anaonetsa kuti pa makoma otere tiyenera kufunsanso kuti khomalo lapindikira kuti.

Khoma likatsika pakati, m'mphepete muli chiimire, mbali yokokedwa imakhala ya pansi. Kumeneko kuli maziko ndi nthaka zomwe zimaligwira kuti lisatambasuke, choncho ming'alu imakhala yotakata m'munsi n'kumachepa pokwera, ndipo kawirikawiri siipita patali. Koma zikatsika ndi ngodya, pakati pali chiimire, zimakhala ngati mukuthyola nzimbe pabondo: mbali yong'ambika ndi ya pamwamba. Pamwamba pa khoma palibe choligwira, kupatula ngati pali bimu ya konkireti yozungulira nyumba yonse. Mng'alu umayambira kudenga uli wotakata, n'kumatsika mosavuta mpaka pansi. N'chifukwa chake Eurocode 7 imati khoma likapindika mwanjira yachiwiriyi, malire aja tiwadule pakati: m'malo mwa 1/500 tiime pa 1/1,000, m'malo mwa 1/150 tiyambe kuda nkhawa pa 1/300.

Tsoka lake, kupindika kwachiwiriku ndi komwe kumachitikachitika. Ngodya ndi zomwe zimakhala pafupi ndi mitengo, ndi zomwe zimalandira madzi otsika padenga, ndiponso ndi zomwe zimauma msanga m'chilimwe. Pa dothi la makande, lija lakuda lopezeka m'chigwa cha Shire ndi m'madambo ambiri, lomwe limafufuma mvula ikagwa n'kuchita ming'alu dzuwa likawomba, m'mphepete mwa nyumba mumakwera ndi kutsika chaka chilichonse, pomwe pakati, pomwe pafundidwa ndi simenti, sipasintha kwenikweni.

Tiyese pa nyumba imodzi

Tiyerekeze khoma lakumbuyo kwa nyumba ya njerwa zootcha, lotalika mamita 12, lokwera mamita 2.7, lopanda bimu yozungulira. Patapita zaka zingapo chimangireni, patulukira mng'alu pafupi ndi chipinda chomalizira. Ukuchokera pamwamba pa khoma, kudutsa pangodya ya zenera, n'kumatsika mokhotakhota motsata mizere ya matope a pakati pa njerwa. Ukuoneka kunja ndi m'kati momwe. Chitseko cha chipindacho chayamba kukhula pansi.

Chida chofunika si chodula: paipi yoonekera m'kati yothiramo madzi, ija amisiri amayezera nayo levulo, ndi rula. Madzi a mbali ziwiri za paipiyo amaima pa msinkhu umodzi nthawi zonse, bola musasiyemo thovu la mpweya. Sankhani mzere umodzi wa njerwa womwe ukuoneka khoma lonse, makamaka wa m'munsi pafupi ndi maziko. Lembani malo asanu pa khomalo, otalikirana mamita 3, ndipo pa malo alionse yezani kuti mzerewo uli pansi ndi mamilimita angati poyerekeza ndi poyambira. Tinene kuti mwapeza 0, 1, 2, 4 ndi 20.

Munthu wopupuluma angatenge ngodya ziwiri zokha, n'kugawa 20 ndi 12,000. Apeza 1/600 n'kunena kuti nyumba ili bwino, poti sinafike n'komwe pa 1/500. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Kutsikako sikunagawanike khoma lonse. Mamita 9 oyambirira atsika ndi mamilimita 4 okha, ndipo mamilimita 16 otsalawo agwera pa mamita 3 omaliza. Tikagawa 16 ndi 3,000 tipeza pafupifupi 1/190.

Injiniya amachitanso kanthu kena kamodzi. Amachotsapo gawo lomwe ndi kupendekeka chabe kwa nyumba yonse, popeza limenelo siling'amba khoma. Khoma likanapendekeka mowongoka kuchoka pa 0 mpaka 20, mamita 3 alionse akanatsika ndi mamilimita 5. Tikachotsa 5 pa 16 patsala 11, ndipo 11 pa 3,000 ndi pafupifupi 1/270. Tapitirira kale malire oyambira ming'alu. Komanso poti yatsika ndi ngodya, malire oopsa pa khomali ali cha pa 1/300, ndipo amenewonso tawadutsa.

Tingathe kutsimikiza ngati zoyezazi zikugwirizana ndi mng'alu womwe tikuuona. Chigawo chomalizacho chatsika ndi mamilimita 16, choyandikana nacho ndi 2, kusiyana kwake 14 pa mamita 3. Khoma lokwera mamita 2.7 likapatuka chonchi, pamwamba pake payenera kutseguka mamilimita 12 kapena 13, kaya mu mng'alu umodzi kaya mogawana ming'alu iwiri. Mukakwera pa makwerero n'kupeza kuti pamwamba chala chaching'ono chikulowa, pomwe m'munsi mukungolowa chikhadabo, ndiye kuti rula ndi khoma zikunena chimodzimodzi: vuto lili pansi pa ngodyayo. Mukakumba pambali pake mukhoza kupeza dothi lakuda losakanikirana ndi zinyalala, kusonyeza kuti panali dzenje lakale lomwe anangokwirira, kapena mphako za chiswe pomwe anagumula chulu, kapena dothi lonyowa chifukwa cha paipi yodontha.

Chenjezo limodzi: kuyeza kumeneku kukudalira kuti mmisiri anayala mzere uja mowongoka pomanga, ndipo amisiri ambiri amaphonya ndi mamilimita angapo. Choncho kuyeza koyamba kumangotilozera komwe kuli vuto. Komwe kumanena zoona zenizeni ndi kwachiwiri ndi kwachitatu, pa malo omwewo, patapita miyezi.

Kutakata kwa mng'alu

M'chaka cha 1976 ku Britain kunagwa chilala chachikulu, dongo linauma n'kukhwinyata, ndipo nyumba zambirimbiri zinachita ming'alu. Eni ake anathamangira ku makampani a inshuwalansi, ndipo m'zaka zotsatira ndalama zambiri zinapita pokumbanso maziko a nyumba zomwe zina mwa izo zinkangofunika kumata ndi kupaka penti. Mu 1981 bungwe la kumeneko lofufuza za zomangamanga, BRE, linatulutsa ndondomeko yogawa ming'alu m'magulu, yomwe mainjiniya m'maiko ambiri akuigwiritsabe ntchito pa makoma a njerwa.

Mwachidule imati mng'alu wosapitirira milimita imodzi umabisika ndi penti. Wofika mpaka mamilimita 5 umangofunika kumata, ngakhale zitseko zingayambe kulimba pang'ono. Mpaka apa nkhani ndi ya maonekedwe. Kuyambira mamilimita 5 mpaka 15, kapena pakakhala ming'alu ingapo yoposa mamilimita 3 pamalo amodzi, nyumba yayamba kulephera ntchito yake: mvula ikulowa, zitseko ndi mazenera sizikutsekeka, mapaipi akhoza kuthyoka, ndipo njerwa zina zifunika kuchotsa n'kumanganso. Kuyambira 15 mpaka 25 zigawo zathunthu za khoma zimafunika kugumula, makoma amayamba kupendekeka moonekera, ndipo mabimu amayamba kutsetsereka pomwe akhalira. Kupitirira mamilimita 25 nyumba ikhoza kugwa, ndipo imafunika kuichirikiza ndi mitengo kapena zitsulo anthu asanachite china chilichonse. Khoma la chitsanzo chathu, ndi mamilimita ake 12, lili m'gulu lapakati lija. Sindingauze banja kuti lisamuke usiku womwewo, koma sindingalolenso kuti mmisiri angomata n'kupita.

Omwe analemba ndondomekoyi anachenjeza okha kuti kutakata kokha sikokwanira. Maonekedwe a mng'alu amanena zambiri. Timing'alu ting'onoting'ono tolukanalukana pa pulasitala, tosaoneka mbali inayo ya khoma, timabwera chifukwa pulasitala anauma msanga kapena simenti inachuluka. Mzere wowongoka pomwe bimu ya konkireti yakumana ndi njerwa umabwera chifukwa zinthu ziwirizi zimatambasuka mosiyana kukatentha. Mng'alu woima chilili, wotakata mofanana pamwamba ndi pansi, pa khoma lalitali la mabuloko a simenti, kawirikawiri ndi wa kukhwinyata kwa mabulokowo, makamaka akamangidwa asanaume bwino. Yonseyi siikhudza maziko. Wa kutitimira umadziwika ndi izi: umapendekera, umatakata mbali imodzi, umaboola khoma lonse, umakonda kudutsa pangodya za mazenera ndi zitseko, ndipo ukhoza kutsika mpaka m'maziko.

Koma pali ming'alu ina yomwe sitiyenera kuiyeza ndi ndondomeko ya njerwa ija n'komwe, ndipo apa ndikufuna owerenga amvetsetse. Pa konkireti yokhala ndi zitsulo, mng'alu wololedwa ndi wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Mng'alu wopendekera pa bimu, pafupi ndi pomwe yakhalira pa chipilala kapena pa khoma, ndi woopsa ngakhale uli wa milimita imodzi kapena awiri, chifukwa bimu yotere ikhoza kuduka mwadzidzidzi osayamba yawerama. Chimodzimodzi chipilala chomwe konkireti yake ikuphwanyika kapena kutekeka, mng'alu wotsata chitsulo wotuluka madzi a dzimbiri, khoma lotupira kunja lokhala ndi mng'alu wogona, ndi khoma lomwe lalekana ndi linzake pangodya moti kuwala kukudutsa. Khoma lolekana ndi linzake laima lokha, ndipo m'dziko lomwe linaona zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, khoma loima lokha si loti n'kugona pansi pake. Zoterezi n'zoitanira injiniya sabata yomweyo.

Kodi ukuyendabe?

Funso lomwe limagamula chochita ndi lakuti mng'aluwo unaima kapena ukukulabe. Wa mamilimita 8 womwe sunasinthe kwa zaka zambiri ndi wosaopsa poyerekeza ndi wa mamilimita 3 womwe miyezi itatu yapitayo unali milimita imodzi.

Njira yodziwira njosavuta. Khomani misomali iwiri ya simenti, umodzi mbali iyi ya mng'alu, wina mbali inayo, pa njerwa zenizeni osati pa pulasitala wotekeka. Yezani mtunda wa pakati pake mwezi uliwonse, ndi rula yomweyo, n'kulemba m'kope pamodzi ndi tsiku. Chitani zimenezi pamwamba pa mng'alu ndi m'munsi. Komwe mng'aluwo wathera, dulani kamzere ndi pensulo n'kulembapo tsiku, kuti mudzaone ngati wadutsa. Ena amamata kagalasi kopingasa pa mng'alu kuti kakasweka adziwe kuti khoma layenda, koma galasi silinena kuti layenda motani kapena kulowera kuti, choncho misomali ndi yabwino. Ngati palibe zizindikiro zoopsa zija, pitirizani chaka chathunthu kuti mudutse dzinja ndi chilimwe chomwe.

Kope lija lidzaonetsa chimodzi mwa zinthu zitatu. Manambala akakhala osasintha, dothi linamaliza kutsika, ndipo mukhoza kugoba mng'aluwo, kulowetsa timitengo ta chitsulo topingasa m'mizere ya njerwa, n'kumata. Mng'alu ukamatseguka mu Okutobala n'kutsekeka mu Febuluwale, ndiye kuti dothi likufufuma ndi kukhwinyata motsata nyengo. Mankhwala ake ndi kuteteza dothi lozungulira nyumba kuti chinyezi chake chisamasinthesinthe: kuwaka simenti mozungulira nyumba, yotakata mita imodzi kapena kuposa, yotsetserekera kunja, kutaya madzi a padenga kutali, ndi kusamala mitengo yomwa madzi ambiri monga bulugamu. Mtengo waukulu womwe wakhalapo zaka zambiri osaudula mopupuluma pa dothi lotere, chifukwa ukachoka dothi limamwa madzi n'kufufuma, ngodya ija n'kuyamba kukwera ndi kung'amba khoma mwatsopano.

Manambala akamangokwera mwezi ndi mwezi, osabwerera, ndiye kuti pansi pakutsikabe. Yambani mwafufuza madzi, chifukwa paipi yodontha, ngalande yosweka kapena dzenje la madzi osambira lomwe lili pafupi ndi maziko n'zotchipa kukonza, ndipo nthawi zambiri zikakonzedwa kutsikako kumaima. Zikakanika, chotsala ndi kukumba pansi pa maziko n'kuthiramo konkireti mpaka kufika pa dothi lolimba. Pa ngodya ya chitsanzo chathu, ntchitoyi ingagwiridwe m'zigawo za pafupifupi mita imodzi, modumphadumpha, osakumba zigawo ziwiri zoyandikana nthawi imodzi, ndipo chigawo chilichonse chiyambe chalimba n'kutsekedwa bwino pansi pa maziko akale chisanakumbidwe chinzake. Imeneyi ndi ntchito yoyang'aniridwa ndi injiniya, popeza pa masiku amenewo mbali ya khoma imakhala italenjekeka pamwamba pa dzenje momwe muli munthu. Ikatha, misomali ija isazulidwe msanga. Yezanibe miyezi ingapo, ndipo kumata khoma ndi kukonza chitseko kubwere manambala ataima.